Madigiri Atatu a Ana a Mayi Likongwe

Kodi inu owerenga, mwana wanu atapatsidwa choyezera kutentha m'manja, nayeza mosamala, naona kuti chakwera madigiri atatu okha, mungafune kuti alembe atatuwo, kapena alembe nambala imene akuluakulu akuiyembekezera? Musafulumire kuyankha. Funso limeneli ndi lophweka kwa munthu amene wakhala pamthunzi, koma kwa Mayi Bernadetta Likongwe, mphunzitsi wa Kemesitiri pa sekondale ina yoyendera kunja kwa Ntaja, linafika lili ndi minga yake.

Mayi Likongwe anabadwira ku Utale, m'banja la alimi a chimanga ndi thonje, Akatolika osajomba ku tchalitchi. Ali mtsikana anaphunzira sayansi zaka zinayi zathunthu osakhudzako chida chilichonse cha m'labu. Mphunzitsi wawo ankajambula kapu pabolodi, n'kujambula themometa itaimirira m'kapumo, kenaka n'kuwalembetsa zimene akanaona zikanakhala kuti kapuyo inali yeniyeni. Ana ankaloweza monga amalowezera katekisimu, ndipo ankakhoza. Manyazi anadza iwo atafika ku koleji ya uphunzitsi. Tsiku loyamba m'labu anagwira themometa kunsonga kwenikweni kumene imamvera kutentha, nayamba kuwerenga kutentha kwa zala zawo zomwe, ndipo anzawo ochokera ku sukulu zikuluzikulu anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Kusekedwako anakuiwala msanga. Chimene sanachiiwale ndi kuzindikira kuti satifiketi yawo inkachitira umboni zinthu zimene maso awo sanazionepo. Kuyambira tsiku limenelo, nthawi zonse akaona mphunzitsi akujambula kapu pabolodi pamene kapu yeniyeni ilipo, zimawanyansa kwambiri.

Boma litawatumiza ku Machinga anapeza sukulu yopanda labu. M'kabati ya ofesi ya ahedi munali mathemometa awiri, silinda imodzi yoyezera madzi, ndi mabotolo ochepa a mankhwala amene palibe ankawatsegula poopa kuti angathe. Iwo anawatsegula. Makapu oyera a thovu amene mabuku amatchula kunalibe, choncho anagula makapu apulasitiki pamsika wa Ntaja, aang'ono ndi okulirapo. Ankalowetsa yaing'ono m'kati mwa yaikulu, pakati pake n'kutsendera thonje limene anatenga kwawo ku Utale, pamwamba n'kuvundikira ndi katoni yoboola pakati polowera themometa. Aphunzitsi anzawo ankati Madamu atsegula tiirumu. Koma kapu yovekedwa thonjeyo inkasunga kutentha bwino lomwe, ndipo ntchito ya kapu pa zoyesa zimenezi ndi yomweyo basi.

Zoyesazo n'zosavuta kuzimvetsa, ngakhale kwa munthu amene sanapite patali ndi sukulu. Asidi akakumana ndi alikali, ukali wa onse awiri umatha, pamapangika madzi ndi mchere, ndipo pamatuluka kutentha. Funso ndi lakuti kutenthako n'kochuluka bwanji. Mayi Likongwe ankapatsa ana mamililita 25 a asidi wa haidirokiloriki ndi mamililita 25 a alikali wa sodiyamu haidirokisaidi, onse osungunulidwa pa mphamvu yofanana, molo imodzi pa lita imodzi. Molo ndiwo muyeso umene a Kemesitiri amawerengera kuchuluka kwa mankhwala. Mwana ankayamba wayeza kutentha kwa asidi payekha ndi kwa alikali payekha, kuti atsimikize poyambira. Kenaka ankathira alikali mwa asidi m'kapu muja mwamsanga, kuvundikira, kutakasa pang'onopang'ono, maso ali pa themometa, mpaka itafika pamene sikukweranso. Kusiyana kwa poyambira ndi pothera ndiko kunali chuma chonse cha tsikulo. Zotsala zinali masamu: magalamu 50 a zosakanizazo, poti mililita imodzi imalemera pafupifupi galamu imodzi monga madzi, kuchulukitsa ndi 4.2, amene ndi majulu ofunika kutenthetsa galamu imodzi ya madzi ndi digiri imodzi, kuchulukitsanso ndi madigiri amene akwera. Akakwera madigiri 6.5 ndiye kuti majulu 1,365. Kugawa amenewa ndi mamolo 0.025 a madzi amene apangika, mwana ankapeza majulu 54,600, ndiwo makilojulu 54.6, pa molo imodzi, n'kuika kachizindikiro kochotsera kutsogolo kusonyeza kuti kutenthako kwatuluka. Mabuku amati pafupifupi 57. Kupereweraku Mayi Likongwe sankakubisa, koma ankakufunsa ana: kwapita kuti? Ana ankayankha kuti kwina kwamwedwa ndi kapu, kwina ndi themometa, kwina kwathawira pachiboo cha katoni.

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankaliumirira mpaka kutopetsa. Nambala ya pa themometa ilembedwe ndi bolopeni, osati pensulo, ndipo ilembedwe maso asanachoke pa chidacho. Ankati themometa ilibe chibale, sidziwa mwana wa mphunzitsi kapena wa wogulitsa makala. Mu Fomu 3 ya chaka chimene tikunenachi anali ndi ana khumi ndi anayi. Wakhama kuposa onse anali Ramla Yusufu, mwana wa telala wa pa Ntaja, amene ankafuna kudzakhala wopereka mankhwala kuchipatala, ntchito imene munthu saiyandikira popanda Kemesitiri. Ramla ankagwada pansi kuti diso lake lifanane ndi mzere wa themometa, anyamata n'kumamuseka kuti nthawi ya swala sinakwane.

Ahedi a sukuluyo, a Twaha Saidi, sanali munthu woipa. Anali munthu wotopa ndi kuitanidwa kukafotokoza chifukwa chimene ana ambiri akulephera. Kumayambiriro kwa teremu yachitatu analengeza kuti pa mayeso otseka chaka, amene sukulu zisanu zoyandikana zimalemba pamodzi, mwana wosafika malikisi 40 pa 100 mu Kemesitiri sadzapitiriza phunzirolo mu Fomu 4. Anaonjezera kuti otsala akapanda kukwana khumi, phunzirolo lidzatsekedwa kwa kalasi yonse, ndipo Madamu adzapatsidwa Masamu a Fomu 1, kumene kunali ana zana limodzi opanda mphunzitsi. Mayi Likongwe sanatsutse. Ana awo ankawadziwa, ndipo powerenga pamtima anapeza khumi ndi awiri kapena khumi ndi atatu amene sakanalephera.

Mwa sukulu zisanuzo, imodzi yokha ndiyo inali ndi labu, ndipo mayeso ochita ndi manja ankachitikira kumeneko. Wosunga kiyi wa labuyo anali a Elliam Nasiyaya, mkulu wa sayansi pa sukuluyo, bambo wa zaka makumi asanu, wonenepa, wansangala, wodziwa kuseketsa anthu pamaliro pomwe. Iwo ndiwo anakonza mankhwala, iwo ndiwo analemba mayankho oyembekezeredwa, iwonso ndiwo anali wapampando wa ochonga. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma nthawi imeneyo palibe anaganiza zakuti pali khoswe.

Ana analemba m'mwezi wa Julaye, kukuzizira. Pobwerera pa njinga zawo Ramla anauza Madamu kuti funso la kapu linabwera, koma themometa inakwera pang'ono modabwitsa. Mayi Likongwe anamufunsa chimene analemba. Iye anati analemba chimene anaona. Iwo anati ndiye palibe mlandu.

Sabata yotsatira aphunzitsi a Kemesitiri a sukulu zonse zisanu anasonkhana m'labu momwemo kuti achonge. Mwambo wake ndi wakuti munthu sachonga mapepala a ana ake, koma madzulo a tsiku lachiwiri aliyense amapatsidwa mtolo wake kuti aphatikize malikisi. Mayi Likongwe atamasula wawo anaona kuti funso la kapu, la malikisi khumi ndi awiri, lapha ana onse. Wina anapeza imodzi, wina awiri. Ramla analemba kuti poyambira panali madigiri 24, pothera 27, kukwera atatu. Masamu ake anali oyera ngati mpunga wopeta, ndipo anapeza makilojulu 25.2. Pansi pake anaonjezera ndi zilembo zing'onozing'ono kuti yankholi likuchepa kwambiri poyerekeza ndi la m'buku, ndipo sakudziwa chifukwa chake. Wochonga anadula tsamba lonse ndi mzere wofiira, kuchokera pangodya kufika pangodya. Pepala la mayankho linkati kukwera kulikonse kosafika 5.5 kapena kopitirira 7 n'kolakwa, ndipo zonse zotsatira pake n'zolakwanso. Ataphatikiza anapeza kuti ofika 40 anali asanu okha.

Mtima wa mphunzitsi umayamba wadzikayikira wokha. Anaganiza kuti mwina ana anachedwa kuwerenga, kapena sanavundikire. Koma ana khumi ndi anayi, pa matebulo osiyana, ndi mathemometa osiyana, sangalakwe mofanana: atatu, atatu, atatu ndi theka, atatu. Anapempha kuona mitolo ya anzawo. Ana a sukulu ya a Nasiyaya, makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu, onse analemba 6.5, ngati kuti anabadwa ndi diso limodzi. Mapepala a sukulu zina zitatu ndiwo anali omvetsa chisoni koposa. Ambiri analemba ndi pensulo, ndipo munthu akapendeketsa pepala padzuwa ankaona 27 atafufutidwa, pamwamba pake patakhala 30.5. Ana amenewa anaona choonadi, nachilemba, kenaka nachita nacho mantha. Ena anafufuta mwamphamvu mpaka pepala kubooka.

Nthawi ya tiyi itakwana, anthu atagwira makapu ndi mbatata zophika, Mayi Likongwe anafunsa mwaulemu ngati mankhwala a tsiku la mayeso anatsalako. A Nasiyaya anaseka nati achemwali akufuna kuthira mu tiyi kodi. Koma zigubu ziwiri zinali poonekera pansi pa sinki, chilichonse chili ndi pepala lomata lonena kuti molo imodzi pa lita, ndipo kukana kukanaoneka moipa. Mayi Likongwe sanagwiritse ntchito chida chawo chilichonse, kuti pasakhale wonena kuti abwera ndi zokonzeratu. Anatenga kapu ya labuyo, themometa ya labuyo, napempha mphunzitsi wa sukulu ina kuti ndiye aziwerenga mokweza. Asidi anali pa 24. Alikali anali pa 24. Atasakaniza, wowerengayo anati 26, kenaka 27, kenaka anadikira nthawi yaitali, koma mzere sunasunthenso.

A Nasiyaya anati makapu amenewa ndi akale, amataya kutentha, ndipo mwana wanzeru amadziwa zimenezo n'kukonza yekha. Ena anagwedeza mitu movomereza, poti aliyense ankafuna kubwerera ku mbatata yake.

Mayi Likongwe anabwerera ku chigubu chija. Anayezanso mamililita ena 25 a alikali yemweyo. Asanathire anafotokoza, monga amafotokozera ana, kuti ngati asidi yense anatha m'kapumo, alikali woonjezerayu sapeza wolimbana naye, ndipo poti ndi wozizirirapo, themometa itsika. Koma ikakwera, ndiye kuti asidi anatsala wambiri, kutanthauza kuti alikali woyamba uja anali wofooka. Anathira, navundikira, natakasa. Wowerenga uja anayang'ana, nachotsa magalasi, nawapukuta, nayang'ananso.

"Yakwera," anatero motsitsa mawu. "Ili pa 28."

Amene anayamba kulankhula anali a Nasiyaya eni ake, ndipo chimene chinanyansa Mayi Likongwe kuposa zonse n'chakuti sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anafotokoza momasuka, ngati munthu wosimba za ulendo wa ku Liwonde, kuti ana onse olemba anali mazana awiri, ofunika malita asanu a alikali, ndipo malita asanu amafuna magalamu 200 a mankhwala ouma. M'botolo anapezamo magalamu 100 okha.

"Nanga mukanakhala inu, achemwali, mukanatani? Alendo akachuluka ndiwo zili zochepa, mayi wanzeru sabweza alendo pakhomo. Amaonjezera msuzi."

"Mayi ameneyo, a Nasiyaya, sauza alendo kuti akudya nyama yokhayokha. Mukanalemba theka la molo pachigubu ndi pa pepala la mafunso."

"Mafunso anali atasindikizidwa kale. Komanso yankho la funso limeneli silisintha. Linali 57 ine ndili mwana, lidzakhala 57 inu mutapuma ntchito. Ana anga amalidziwa. Anu simunawauze?"

Aphunzitsi awiri anaseka. Kuseka kumeneko ndi kumene kuyenera kutidetsa nkhawa, chifukwa a Nasiyaya sananame pa nkhani ya nambalayo. Zoonadi kutentha kumene kumatuluka asidi wamphamvu akathetsana ndi alikali wamphamvu sikusintha. Koma funso silinafunse kuti buku limati chiyani. Linafunsa kuti iwe, mwana, ndi manja ako ndi maso ako, wapeza chiyani. Mayeso amene amapatsa malikisi mwana wonyalanyaza chida chili m'manja mwake, n'kumana amene wachikhulupirira, sayesa Kemesitiri. Amayesa kuti mwana waphunzira msanga bwanji kuti wamkulu akanena kuti kwacha, iwe usatchule nyenyezi zimene ukuziona. Ndipo ana amenewa ndi omwe mawa adzayeze magazi a odwala, madzi a pamjigo ndi mphamvu ya feteleza.

Mayi Likongwe anapita pabolodi nalemba masamu a Ramla. Majulu 630 amene anapeza pa madigiri atatu aja anali olondola. Cholakwika chinali chogawira, ndipo cholakwacho sichinali cha mwana: madzi amene anapangika anali mamolo 0.0125, osati 0.025, poti alikali anali ndi theka la mphamvu yake. Kugawa 630 ndi 0.0125 kunapereka makilojulu 50.4, yankho labwino ndithu la kapu wamba. Pempho lawo linali lakuti mapepala onse achongedwenso, kukwera kwa madigiri atatu kapena atatu ndi theka kulandiridwe, ndipo masamu a mwana atsatidwe kuchokera pa zimene anapatsidwa. Aliyense m'chipindamo anamvetsa chimene sichinanenedwe: kulandira atatu kunali kukana 6.5, ndipo kukana 6.5 kunali kugwetsa sukulu yonse ya wapampando pamodzi ndi ana ambiri a sukulu zina zitatu. Wapampando anati nkhaniyi ndi yaikulu, aigonere, adzaikambe mawa.

Akutuluka pachipata, a Nasiyaya anawapeza akumasula njinga. Nkhope inali yomweyo yansangala, mawu okha ndiwo anatsika. Anati iwo si munthu wouma mtima, za lamulo la a Saidi anazimva, ndipo safuna kuti mwana wa munthu aliyense avutike. Mapepala khumi ndi anayi si ambiri. Madamu awatenge, akawapatse ana alembenso tsamba limodzi lokhalo ndi 6.5, mawa alowe mumtolo, onse apeze khumi ndi awiri awo, nkhani ithere pomwepo.

"Palibe angadziwe, achemwali. Ine ndi inu basi."

"Ndi ana khumi ndi anayi," anatero Mayi Likongwe.

Tisawapange mngelo. Panjira yonse yobwerera, akupalasa pakati pa minda ya nandolo, anaiganizira mofatsa nkhani imeneyi, ndipo kawiri konse anatsala pang'ono kutembenuka. M'maganizo anaona Ramla atavala chovala choyera pawindo la mankhwala. Anadzifunsa ngati kuyera kwa manja awo kunali kwa mtengo woposa tsogolo la mwana wa eni. Amene angati mayiyu anali wouma khosi ali ndi mfundo, ndipo sitiyenera kuitaya msanga: ana analakwiridwa kale, ndipo tsamba lolembedwanso likanangowabwezera malikisi amene anali awo. Koma kuti zimenezo zitheke, anayenera kuimirira pamaso pa ana omwe aja amene anawaletsa pensulo chaka chathunthu, n'kuwauza kuti tengani mabolopeni mulembe chimene simunaone. Malikisi akanabwerera, koma phunziro limene ana akanalitenga tsiku limenelo likanafufuta ena onse. Poganiza za mawu amene akanayamba nawo, anaima nalavula m'mbali mwa msewu.

M'mawa mwake msonkhano sunatenge nthawi. Zinaoneka kuti ena anali atakambirana kale. Mphunzitsi wina anati mutu umodzi susenza denga, ndipo Madamu asaiwale kuti labu ndi ya eni, chaka chamawa adzaifunanso. Wina anati kuchonganso mapepala mazana awiri n'kuzunza anthu amene ali ndi mabanja. Anagwirizana, anayi kutsutsana ndi mmodzi, kuti funso la kapu lichotsedwe kwa onse, malikisi awerengedwe pa mafunso otsala, ndipo mu lipoti mulembedwe kuti panali vuto la zipangizo. Mawu akuti madzi sanalembedwe paliponse. Wowerenga themometa uja anakweza dzanja limodzi ndi anzake, maso ali pawindo. Pomaliza a Nasiyaya anathokoza Madamu chifukwa cha tcheru chawo, napempha kuti awaombere m'manja, ndipo anthu anaomba.

Anthu ambiri angaone ngati chigamulo chimenechi chinali chachilungamo, poti chinagwera onse mofanana. Sichinali. Amene anapeka nambala anangotaya malikisi amene sanali awo n'kale. Amene anayeza moona analandidwa funso lokhalo limene analidziwa kuposa ana ena onse m'sukulu zisanuzo. Ataphatikizanso, Mayi Likongwe anapeza kuti okhoza akwera kuchoka pa asanu kufika pa asanu ndi anayi. Anawerenga katatu. Anali asanu ndi anayi. Mapepala akanachongedwa moona, akanakhala khumi ndi atatu.

Anapita kwa a Saidi ndi mtolo wonse, nawafotokozera kuyambira pa chigubu mpaka pa kuomba m'manja. Ahedi anamvetsera mpaka kumapeto, napukusa mutu, nati zimenezi n'zonyansa ndithu. Kenaka anatsegula kabati natulutsa lipoti la ochonga, limene linali litafika kale ndi wa kabaza, nawaonetsa mzere wonena za vuto la zipangizo. Anati iwo amayendera zolembedwa. Lamulo la ana khumi analinena pamaso pa makolo, ndipo akalipinda chifukwa cha Kemesitiri, mawa wa Jogalafe adzabwera ndi nkhani yake. Anaonjezera, mosafuna kupweteka, kuti anamva zoti panali njira ina yothandizira anawo, ndipo Madamu anaikana.

"Ndinaikana, ahedi."

"Ndiye mwasankha nokha, Madamu. Ine ndingatani?"

Tsiku lotsekera sukulu anawabwezera ana mapepala awo, nawauza zonse, osachotsa kapena kuonjezera. Anawauza kuti madigiri atatu aja anali olondola, ndipo mwa ana mazana awiri iwo ndiwo anayeza bwino koposa. Anawauzanso kuti mu Fomu 4 simudzakhala Kemesitiri. Ana sanalire, kapena kufunsa zambiri. Mnyamata wina wa kumbuyo anangofunsa ngati ndiye kuti akanalemba 6.5 bwenzi phunzirolo lilipo. Mayi Likongwe anati akanatero onse, nkhaniyi sikanaululika, ndipo inde, bwenzi lilipo. Sanapeze mawu ena oonjezera amene sakanakhala bodza.

Patapita masabata awiri, bambo ake a Ramla anafika kunyumba kwa Madamu atavala mkanjo wawo wa Lachisanu. Anakhala pampando wa pakhonde, nathokoza nthawi yaitali, Chichewa chikusakanikirana ndi Chiyao, chifukwa cha zonse zimene Madamu anamuchitira mwana wawo. Kenaka anafika pa chimene anadzera. Mwanayo sangasiye Kemesitiri, ndipo mwa sukulu zimene zili ndi phunzirolo, yapafupi kwa iye ndi imodzi yokha. Malo apezeka, a Nasiyaya alonjeza kuti amulandira ndi manja awiri, poti amva kuti ndi wanzeru. Chimene chikufunika ndi kalata yosamutsira, ndipo ahedi ati Madamu ndiwo alembe za khalidwe lake.

Mayi Likongwe analowa m'nyumba natenga pepala. Analemba kuti Ramla Yusufu ndi mwana wakhama, waulemu, wosajomba. Anafuna kuonjezera kuti amalemba zokhazo zimene waona, koma cholembera chinaima m'malere. Anazindikira kuti kumene kalatayi ikupita, mawu amenewo akawerengedwa ngati chenjezo, monga mmene munthu wogulitsa ng'ombe amaululira kuti imaponda. Anawasiya osalemba, nasaina, napereka kalatayo kwa bamboyo ndi manja awiri. Mu Seputembala anayamba kuphunzitsa Masamu a Fomu 1, ndipo Ramla anayamba kupalasa njinga kulowera mbali ina ya Ntaja.

Mayi Likongwe akadali pa sukulu yomweyo. Fomu 3 yatsopano ili ndi ana khumi ndi mmodzi amene asankha Kemesitiri, ndipo mu Julaye adzapita kukalemba mayeso m'labu ija, poti ina kulibe. Kiyi akadali m'thumba la a Nasiyaya.

Pempho kwa inu makolo ndi a m'makomiti a sukulu, a ku Machinga, a ku Balaka ndi kwina konse, ndi ili. Mwana akabwera ndi pepala la mayeso a m'labu, musangoyang'ana malikisi a pamwamba. Mukhazikeni pansi, mumufunse ngati nambala imene analemba ndi imene anaiona ndi maso ake. Akakuuzani kuti iyayi, musamukalipire. Pitani ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, muimirire, mufunse amene anamuphunzitsa kutero.